Bandulo yokhala ndi data ya usiku: kodi n'zoona kuti ndi yotchipa?

Tiyerekeze kuti mwafika pamsika kudzagula tomato. Mayi woyamba akugulitsa mulu wa tomato 20. Mnzake wapafupi akuti mulu wake ndi wa tomato 45, mtengo wangokwerako pang'ono. Mukutulutsa ndalama, mayi wachiwiriyu akukuuzani kuti pano mutenga 15 yekha, 30 wotsalayo ndi basela, ndipo mudzatenge pakati pa usiku, tambala asanalire. Mukapanda kubwera sabata ino, basela lapita. Pamsika palibe amene angalipire asanadzifunse ngati usikuwo adzadzukadi. Koma pa foni ambirife timalipira osafunsa, chifukwa maso amathamangira pa nambala yaikulu imene yalembedwa.

Mabandulo a mtundu umenewu si achilendo kwa aliyense amene amagula data. Kampani ya mafoni imaika bandulo imene data yake yonse imagwira ntchito nthawi iliyonse, n'kuikanso ina imene gawo lake limatseguka usiku wokha. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Masana ndi madzulo anthu amadzazana pa netiweki, pamene usiku kwambiri nsanja za mafoni zimangokhala zikudya magetsi, anthu ali mtulo. Kampani siluza zambiri ikapereka data yochuluka pa nthawi imeneyo, ndipo imadziwanso kuti si onse ogula amene adzaimalize. Palibe chinyengo pamenepa. Chimene chilipo ndi masamu amene wogula ayenera kudziwerengera yekha.

Masamu a pachikwangwani

Njira yoyerekezera mabandulo ndi yakale ngati ya kugula ufa pa sikelo: mtengo kugawa ndi kuchuluka kwa katundu. Pa data, muyeso wake ndi megabaiti, imene pa foni imalembedwa kuti MB. Gigabaiti imodzi, yolembedwa GB, ena amaiwerenga ngati ma MB 1,024, ena 1,000. Kusiyana kumeneku n'kochepa, bola mugwiritse ntchito muyeso umodzi pa mabandulo onse awiri. Muno titenga 1,000 kuti masamu aphweke.

Mitengo ya mabandulo imasintha pafupipafupi, choncho titenge mabandulo awiri ongoyerekeza, onse a sabata imodzi. Yoyamba tiitche Yamba. Mtengo wake ndi K4,000 ndipo ili ndi ma MB 2,000 ogwira ntchito usana ndi usiku. Yachiwiri tiitche Yausiku. Mtengo wake ndi K4,500 ndipo ili ndi ma MB 1,500 a nthawi iliyonse, kuphatikizapo ma MB 3,000 amene amagwira ntchito kuyambira 12 koloko usiku mpaka 5 koloko m'mawa. Pachikwangwani, Yausiku ilembedwa ndi zilembo zikuluzikulu kuti 4.5GB.

Tikagawa K4,000 ndi 2,000, Yamba ikutipatsa MB imodzi pa K2. Tikagawa K4,500 ndi 4,500, Yausiku ikutipatsa MB imodzi pa K1. Poona izi, nkhani ikuoneka ngati yatha: mungowonjezera K500 yokha, data n'kuchuluka kupitirira kawiri. Koma akuluakulu anati chikomekome cha nkuyu, mkati muli nyerere. K1 uja ndi woona kwa munthu mmodzi yekha, amene adzamalize ma MB 3,000 onse a usiku sabata isanathe. Kwa wina aliyense, mtengo wake ndi wina.

Tengani munthu amene amagona 9 koloko n'kudzuka 5 koloko. Iyeyu data ya usiku sadzaikhudza n'komwe. K4,500 yake yagula ma MB 1,500 basi, ndiye kuti MB imodzi waigula pa K3. Bandulo yomweyo imene imaoneka yotchipa ndi theka yasanduka yodula kuposa inzake ndi kwacha yathunthu pa MB iliyonse. Choncho Yausiku ilibe mtengo umodzi. Mtengo wake umayenda pakati pa K1 ndi K3, ndipo chimene chimauyendetsa ndi tulo tanu. Lamulo loyamba ndi limeneli: gawani mtengo ndi ma MB amene mudzagwiritsedi ntchito, osati amene alembedwa.

Malire ali pati?

Popeza mtengowo umayenda, funso lofunika ndi lakuti: kodi ndiyenera kugwiritsa ntchito data ya usiku yochuluka bwanji kuti Yausiku ifanane ndi Yamba? Yankho limapezeka ndi masitepe awiri okha, ndipo kalukyuleta ya pa foni ndi yokwanira.

Choyamba, tengani mtengo wa Yausiku muugawe ndi mtengo wa MB imodzi ya Yamba. K4,500 kugawa ndi K2 kukutipatsa 2,250. Tanthauzo lake n'lakuti K4,500 yanuyo ikanagula ma MB 2,250 pa mtengo wa Yamba, choncho Yausiku iyenera kukupatsani ochuluka chomwecho kuti musaluze. Chachiwiri, chotsanipo data ya nthawi iliyonse imene ili mu Yausiku. 2,250 kuchotsa 1,500 kutsala 750. Amenewa ndiye malire. Mukagwiritsa ntchito ma MB a usiku osafika 750 pa sabata, mwalipira mokwera. Mukapitirira 750, MB yanu yayamba kutchipa.

Pali njira inanso yoonera chinthu chomwechi, imene ena amaiona yosavuta. Ma MB 1,500 a masana a mu Yausiku, pa mtengo wa K2, ndi K3,000. Ndiye kuti K1,500 yotsalayo ndi imene mukulipirira data ya usiku. Si basela ayi, ili ndi mtengo wake. Mukaimaliza yonse, MB imodzi ya usiku yakudyerani matambala 50. Mukagwiritsa ntchito 750, yakudyerani K2. Mukangogwiritsa ntchito 300, usiku umodzi umene tulo tinasowa, MB iliyonse ya usikuyo mwaigula pa K5.

Ma MB 750 pa sabata akumveka ochepa, chifukwa ndi 107 okha pa usiku. Koma kumbukirani kuti mauthenga olemba pa WhatsApp sadya data yambiri. Mukhoza kucheza usiku wonse polemberana, osatha ngakhale ma MB 20. Chimene chimatha data ndi makanema, mafayilo akuluakulu ndi kukonzanso mapulogalamu a mu foni kumene timakutcha apudeti. Ngati usiku wanu mulibe zimenezi, malire a 750 ali kutali kuposa mmene akuonekera.

Anthu atatu, bandulo imodzi

Tiyeni tiike mabandulo awiriwa m'manja mwa anthu atatu ongoyerekeza.

Woyamba ndi mayi wogulitsa zitenje ku Limbe. Tsiku lonse amatumiza zithunzi za katundu kwa makasitomala, kuika masitetasi, kuyankha mafoni a pa WhatsApp. Pa sabata amafuna ma MB 2,000, onse masana, chifukwa kasitomala sadikira mpaka 1 koloko usiku kuti aone chitenje. Akagula Yamba, K4,000 yamufikitsa kumapeto kwa sabata. Akagula Yausiku, ma MB 1,500 amuthera pa tsiku lachisanu ndi chimodzi, ngakhale foni ikumuuza kuti akadali ndi ma MB 3,000. Apa ndi pamene anthu ambiri amakwiya, n'kumati data ilipo koma intaneti yakana. Mayiyu ayenera kugula kabandulo kena kuti amalize sabata, ndipo timabandulo tating'ono kawirikawiri timadula pa MB. Tinene kuti ma MB 500 wawagula pa K1,500. Zonse pamodzi wawononga K6,000 pa ntchito imene ikanatheka ndi K4,000. Ndipo ngati foni yake imayamba kudya mayunitsi bandulo ikatha, akhoza kuluza zoposa pamenepa asanazindikire.

Wachiwiri ndi mphunzitsi wa ku Kasungu amene nayenso amafuna ma MB 2,000 pa sabata, koma ndi wochenjera. Waona kuti ma MB 500 mwa amenewo ndi a ma apudeti ndi timakanema timene angathe kutsitsa usiku. Akasamutsa zimenezi, Yausiku ikumukwanira bwinobwino: 1,500 masana, 500 usiku, osagulanso china. Angadzione ngati wapambana. Koma tawerengani. Walipira K4,500 pa ma MB 2,000, kutanthauza K2.25 pa MB, pamene Yamba ikanamupatsa ma MB omwewo pa K4,000, osatchera alamu ya pakati pa usiku. Wataya K500 ndi tulo. Phunziro lake n'lakuti ngati zofuna zanu zonse za sabata zikukwana mu bandulo wamba, data ya usiku siingakupulumutsireni kalikonse, ngakhale mutaikonzera bwanji.

Wachitatu ndi wophunzira wa ku koleji ku Zomba. Masana amafuna ma MB 1,200 a mauthenga ndi kufufuza zinthu. Koma sabata iliyonse amatsitsanso makanema a maphunziro ndi mabuku okwana ma MB 2,300, ndipo zimenezi zilibe ola. Akhoza kuzitsitsa 1 koloko usiku n'kudzaonera mawa lake masana popanda intaneti. Pa sabata amafuna ma MB 3,500. Ndi Yausiku walipira K4,500, MB imodzi pafupifupi K1.29. Akanati agule Yamba, ikanafunika kawiri, K8,000. Kwa iyeyu Yausiku ndi yotchipadi, ndipo wasunga K3,500 ya ndiwo. Chimodzimodzinso mlonda kapena namwino wa shifiti ya usiku, amene maola a bandulo ndi maola amene ali maso kale.

Bandulo ndi yomweyo, mtengo wolipira ndi womwewo, koma mayi wa ku Limbe MB yamudyera K3, mphunzitsi K2.25, wophunzira K1.29. Chasiyanitsa atatuwa si nzeru, koma mtundu wa ntchito imene foni imawagwirira.

Data yofunika ndi data yongomaliza

Pali msampha wina umene masamu saugwira ngati wowerengayo sadziuza zoona. Munthu akaona kuti ma MB 2,500 a usiku atsala ndipo bandulo ikutha mawa, mtima umamupweteka. Amakhala maso mpaka 3 koloko, kuonera makanema amene sakanawaganizira n'komwe, kuti data isapite pachabe. M'mawa akawerenga, apeza kuti wagwiritsa ntchito ma MB 4,000 ndipo MB yamutchipira. Koma m'thumba mwake simunalowe kanthu. Zili ngati munthu wodya nsima ya paukwati mpaka kudwala poti ndi yaulere.

Choncho powerenga data ya usiku, ikanimo yokhayo imene mukanaigula ndi ndalama zanu bandulo ya usiku pakanapanda. Dzifunseni kuti, kanema uyu ndikanamutsitsa masana pa K2 pa MB? Ngati yankho lili ayi, musamuike m'masamu. Kusangalala si kulakwa, ndipo amene amakonda mafilimu ali ndi ufulu wolipirira chisangalalo chake. Kungoti asamakutche kusunga ndalama.

Kodi mungadziwe bwanji data imene mumafunadi? Foni imasunga kale kaundula. Pa mafoni ambiri a Android, mukalowa mu Settings mupeza malo olembedwa Data usage kapena mawu ofanana nawo, amene amaonetsa ma MB amene pulogalamu iliyonse yadya. Pa WhatsApp, mu Settings, pansi pa Storage and data, muli Network usage, pamene mauthenga, mafoni ndi masitetasi awerengedwa padera. Yang'anani za masabata awiri kapena atatu, muzigawe milu iwiri. Mulu woyamba ndi wa zinthu zosadikira: mauthenga, mafoni, malonda, misonkhano, mpira woonera pomwe ukuseweredwa. Mulu wachiwiri ndi wa zodikira: ma apudeti, mafilimu, nyimbo, mabuku, kusunga zithunzi pa intaneti. Mulu woyamba uyenera kukwana mu data ya masana ya bandulo imene mukufuna. Mulu wachiwiri ndi umene muufanizire ndi malire aja.

Zimene zimasokoneza usiku

Ngakhale masamu atakuuzani kuti Yausiku ndi yanu, pali zinthu zingapo zimene zimachepetsa data imene mungathedi kutenga.

Choyamba ndi liwiro la netiweki. Liwiro limayezedwa ndi Mbps, ndipo 8 Mbps ndiye MB imodzi pa sekondi. Ngati kwanuko netiweki imathamanga pa 2 Mbps, pa ola limodzi mutsitsa ma MB pafupifupi 900, ndipo ma MB 3,000 afuna maola atatu ndi mphindi 20. Zimenezo n'zotheka. Koma ngati muli kumene netiweki imakwawa pa theka la 1 Mbps, ola limodzi likupatsani ma MB 225 okha, ndipo kuti mumalize 3,000 mufunika maola oposa 13, pafupifupi mausiku atatu athunthu foni ili pantchito. Onjezerani apo usiku umene magetsi azima batire ili pang'ono, muona kuti nambala ya pachikwangwani si yonse imene ingalowe mu foni yanu.

Chachiwiri ndi ola lotsekera. Tinene kuti mwadzuka 4 koloko m'bandakucha n'kuyamba kutsitsa fayilo ya ma MB 1,800 pa liwiro la ma MB 900 pa ola, kenako mwabwerera kukagona. Ikamakwana 5 koloko, theka lokha ndi limene latsika. Foni siidziwa kuti nthawi ya basela yatha, imangopitiriza. Theka linalo lichotsedwa pa data ya masana, ndipo podzuka mupeza kuti pa ma MB 1,500 aja patsala 600. Usiku umodzi wotere umafafaniza phindu la sabata yonse. Mankhwala ake ndi kuyamba msanga nthawi ikangotseguka, kuyamba ndi mafayilo akuluakulu, ndi kutchera alamu mphindi khumi nthawi isanathe kuti muimitse zotsala. Chimodzimodzinso poyamba: musayambe 11:55 poganiza kuti mphindi zisanu si kanthu. Dikirani ola lidutse pang'ono.

Chachitatu ndi mawu akuti usiku. Usiku wa kampani si usiku wa kumudzi umene umayamba dzuwa likalowa. Kampani iliyonse imaika maola ake, ndipo imatha kuwasintha. Bandulo yotseguka 10 koloko ndi yosiyana kwambiri ndi yotseguka 12 koloko, chifukwa anthu ambiri 10 koloko akadali maso pamene 12 koloko agona. Werengani maolawo pa uthenga umene umabwera musanavomereze kugula. Onaninso ngati data ya usiku ili ndi masiku ofanana ndi ya masana, komanso ngati imagwira ntchito pa intaneti yonse kapena pa mapulogalamu ochepa okha.

Chachinayi ndi chakuti, mukakhala ndi data ya mitundu iwiri, ndi iti imene imayamba kudyedwa usiku. Zimenezi mukhoza kudziyesera nokha. Nthawi ya usiku ikatseguka, funsani balansi, lembani manambala onse awiri. Tsitsani kanthu ka ma MB 50, dikirani pang'ono, funsaninso. Ngati yatsika ndi ya usiku, zili bwino. Ngati yatsika ndi ya masana, imitsani, jambulani mauthenga onse awiri a balansi ndipo mufunse kampani yanu. Kuno ku Malawi, dandaulo likakanika ku kampani, bungwe la MACRA, limene limayang'anira ntchito za mafoni ndi intaneti, limalandira madandaulo a ogula.

Pomaliza, pali kachinthu kamene kamakhumudwitsa ambiri. Mafoni ambiri anatcheredwa kuti ma apudeti azichitika pa wayifayi pokha. Munthu amagona ali ndi chikhulupiriro kuti foni idzikonza yokha usiku, m'mawa n'kupeza palibe chachitika. Akasintha kuti izichita pa netiweki iliyonse, foni imasankha yokha nthawi, mwina masana dzuwa lili paliwombo, n'kudya data yodula. Njira yabwino ndi kusiya zotcherazo mmene zilili, n'kumayambitsa nokha ma apudetiwo nthawi ya usiku ikafika.

Musanadine batani logula

Zonsezi zimatha ndi manambala anayi amene angakwane kuseri kwa lisiti: mtengo wa MB imodzi ya bandulo wamba, malire a data ya usiku, ma MB amene mumafuna masana, ndi ma MB amene mungasamutsiredi usiku. Ngati zofuna zanu za masana zikuposa data ya masana ya mu bandulo ya usikuyo, onjezerani mtengo wa kabandulo komalizira sabata musanayerekeze. Ngati zonse zimene mumafuna zikukwana mu bandulo wamba yotsika mtengo, gulani imeneyo mukagone. Bandulo ya usiku ndi ya munthu amene ali ndi katundu wambiri wotsitsa, wosathamangira ola, netiweki yabwino, ndi chifukwa chokhalira maso kapena khama lodzuka.

Ngati mukukayikabe, igulani kamodzi muiyese sabata imodzi. Tsiku lomaliza, bandulo isanathe, funsani balansi muone data ya usiku imene yatsala. Chotsani yotsalayo pa imene munapatsidwa, muonjezere ya masana imene mwagwiritsa ntchito, kenako mugawe ndalama zonse zimene mwalipira sabata imeneyo ndi nambala imene mwapezayo. Umenewo ndiye mtengo wanu weniweni wa MB, ndipo sabata yamawa mugule potsatira umenewo.